Tinathetsa mikangano ya mpikisano wa mpira wa pafoni posinthana mafoni

Mpikisano woyamba umene ndinakonza unatha popanda wolandira chikho, ndipo ndalama ndinabweza kuchokera m'thumba mwanga. Wachiwiri unatha bwino, opambana ndi ogonja anadyera limodzi chipisi madzulo ake. Anthu anali omwewo, gemu inali yomweyo, malo analinso omwewo, kukhonde kwa shopu yometera ya msuweni wanga ku Bangwe. Chimene chinasintha ndi pepala limodzi la malamulo komanso nzeru imodzi yokhudza mafoni, imene ndifotokoze bwinobwino chifukwa ndi imene inatipulumutsa.

Gemu yathu ndi Dream League Soccer, imene aliyense kuno amangoti DLS. Timaikonda chifukwa imayenda ngakhale pa foni ya mtengo wotsika, ndipo anthu awiri akhoza kusewera pa intaneti polemba kodi yofanana. Anyamata odikira kumeta ankakhalira kunyozana, aliyense akuti palibe angamuchinye. Tsiku lina msuweni wanga anatopa nazo n'kunena kuti, "Amwene, inu mumadziwa kulemba, akonzereni mpikisano anthuwa atonthole." Ndinavomera mosaganiza.

Analembetsa anthu 11, aliyense K1,000. Malamulo ndinalibe, kupatula akuti wogonja watuluka. Aliyense anabwera ndi foni yake, timu yake ndi bandulo yake.

Vuto loyamba linali la masamu, ndipo ndinalipanga ndekha. Anthu 11 sagawika pawiri, choncho ndinati khumi asewere, mmodzi adutse osasewera. Anatsala asanu ndi mmodzi. Atasewera anatsala atatu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndadzikola, chifukwa pa atatuwo mmodzi anayenera kulowa fainolo ali chikhalire pamene anzake akutuluka thukuta mu semifainolo. Maere anagwera mnyamata amene anadutsanso ulere m'ndime yoyamba. Ndiye kuti munthu anafika fainolo atasewera gemu imodzi yokha. Phokoso lake simungalifune.

Kachitidwe koyenera n'kosavuta, kungoti ndinakadziwa mochedwa. Mpikisano wa wogonja-watuluka umayenda bwino ndi anthu 4, 8, 16 kapena 32. Ngati chiwerengero chanu chili pakati, tengani nambala yapamwamba yoyandikira n'kuchotsapo anthu amene muli nawo. Ife tinali 11, ndiye 16 kuchotsa 11 kutsala 5. Anthu asanu amenewo adutse osasewera m'ndime yoyamba yokha, otsala asanu ndi mmodzi asewere magemu atatu. Opambana atatu kuphatikiza asanu aja akwana 8, ndipo kuchokera pamenepo palibenso wodutsa ulere. Mwayi wonse umathera koyambirira, kumene sukupweteka kwambiri.

Vuto lachiwiri linali la matimu. Mu DLS timu umaimanga wekha pang'onopang'ono, kugula osewera ndi makoini amene umapeza ukamasewera, kapena amene wagula ndi ndalama zenizeni. Wina anali ndi timu imene wakhala akuimanga kwa zaka ziwiri. Wina anayamba mwezi watha pa foni ya achemwali ake. Mnyamata wa Fomu 2 amene ndinamuona ndi maso anga kuti ali ndi luso kuposa tonse anachinyidwa 5-1, chifukwa oteteza kumbuyo ake ankathamanga ngati avala magambutsi. Pamenepo sitinkayesa luso la munthu ayi, tinkayesa kuti ndani wakhalitsa pa gemu kapena ndani ali ndi ndalama. Panalinso mphekesera yoti wina ali ndi gemu yosinthidwa, ija amaitenga kunja kwa Play Store yobwera ndi makoini osatha. Sindinathe kutsimikiza, komanso sindinathe kutsutsa.

Koma chimene chinaphwasula mpikisano ndi semifainolo. Mmodzi ankatsogola 2-0, kutatsala mphindi zochepa, kenako foni ya amene ankagonjayo inalira ndipo gemu inaduka. Iye anati ndi ngozi, tiyambirenso. Wotsogolayo anati wapambana basi. Titayang'ana nambala imene inaimbayo tinapeza kuti ndi ya mnzake amene anaima kuseri kwa shopu, anangomufulasha. Mwini foni analumbira kuti sanamutume. Mwina ankanena zoona, ndani akudziwa? Lamulo panalibe, ndiye chilichonse chimene ndikanagamula chikanaoneka ngati ndikukondera. Anthu anayamba kuitanitsa ndalama zawo, pamene ina ndinali nditagulira kale zakumwa.

Patapita miyezi iwiri anayambanso kundivutitsa kuti tibwereze. Ndinati ndivomera pokhapokha pa mfundo ziwiri, ine sindisewera nawo, ndipo palibe amene adzasewere pa foni yake.

Nzeru ya mafoni inabwera chonchi. Poyamba ndinkaganiza zoika malire a mphamvu ya timu, kuti aliyense asapitirire mlingo wakuti. Ndinaisiya chifukwa ikanafuna kuti ndiziyendera foni iliyonse gemu isanayambe, ndiponso sikanathetsa kusiyana kwa mafoni enieniwo. Foni ina sikirini yake ndi yaikulu ndipo imamva chala msanga, ina ndi yosweka pakona pomwe pali batani lomenyera. Ndiye ndinabwereka mafoni anayi kwa anthu amene anavomera, n'kuwaika awiriawiri pa matebulo awiri. Tebulo lililonse linali bwalo. Anthu awiri akakumana ankasewera magemu awiri, yoyamba uyu foni iyi uyo foni iyo, yachiwiri asinthana. Zigoli za magemu awiriwo timaphatikiza.

Taonani mmene zimathetsera nkhani. Pa tebulo loyamba foni imodzi inali ndi timu yamphamvu kwambiri kuposa inzake. Munthu akaigwira ankapambana mwina 3-1. Koma akasinthana, mnzakeyo ndiye ali ndi timu yamphamvuyo, ndipo funso limakhala lakuti kodi iye aichita nayo zingati. Akapambana 2-1, zonse pamodzi ndi 4-3, wapambana woyamba uja chifukwa anagwiritsa bwino ntchito mphamvu imene onse awiri anapatsidwa mofanana. Sikofunika kuti matimu akhale ofanana, ngakhale ndi bwino kuti asasiyane monyanyira, chifukwa gemu ya 8-0 mbali zonse ziwiri siisangalatsa oonera. Ine ndinaika matimu awiri amphamvu pa tebulo limodzi, awiri apakatikati pa tebulo lina.

Wina anafunsa ngati tiwerenge zigoli zakoyenda, kuti chigoli chomwetsa ndi timu yofooka chikhale cholemera. Tinakana. Ngakhale UEFA inachotsa lamulo la zigoli zakoyenda mu 2021, ndiye ife a pakhonde tidzivutitsirenji.

Njirayi ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Mwini foni amaidziwa timu yake, amadziwa wosewera amene ali ndi liwiro ndi amene amamenya bwino patali. N'chifukwa chake eni mafoni anayiwo ndinkawaika pa tebulo limene palibe foni yawo ngati n'kotheka, ndipo anthu onse ndinawalola kubwera Lachisanu madzulo kudzayesera mafoni onse anayi. Aliyense ankapatsidwa mphindi ziwiri gemu isanayambe kuti asinthe kaimidwe ka timu ndi osewera oyamba, ndipo oyimbira ankawerenga nthawiyo pa wotchi. Lamulo limene eni mafoni anaumirira, ndipo anali ndi chifukwa, ndi lakuti wogula kapena kugulitsa wosewera, kapena kuononga makoini a eni ake, watuluka mu mpikisano nthawi yomweyo. Tinajambula chithunzi cha makoini ndi mndandanda wa osewera pa foni iliyonse m'mawa, n'kudzafananiza madzulo.

Usiku wa Lachisanu lomwelo tinaonetsetsa kuti mafoni onse ali ndi gemu ya mtundu umodzi yochokera ku Play Store, yokonzedwa kufika pa yatsopano. Musadikire tsiku la mpikisano, chifukwa foni imodzi ikafuna kudaunilodi zatsopano m'mawa umenewo mudzataya ola limodzi komanso theka la bandulo anthu atakhala pansi. Izi zinathetsanso nkhani ya gemu yosinthidwa popanda kuloza munthu chala.

Tsopano za kuduka kwa gemu, kumene kunatigwetsa ulendo woyamba. Mafoni onse anayi tinawaika pa Airplane mode n'kuyatsa Wi-Fi yokha, kenako onse analumikizidwa ku hotisipoti ya foni yachisanu imene inali pa shelefu pafupi ndi zenera, pomwe netiweki imagwira bwino. Foni ya pa tebulo sikanalira ngakhale munthu afulashe kakhumi. Foni yachisanuyo tinaikamo simu imene nambala yake inkadziwika ndi ine ndi msuweni wanga basi, chifukwa pa mafoni ambiri kuimba kukalowa intaneti imafooka kapena kuima, ndipo ikanadula matebulo onse awiri nthawi imodzi.

Ngakhale zili choncho netiweki imadukabe yokha, ndiye lamulo lake tinalilemba motere. Tebulo lililonse lili ndi oyimbira amene ali ndi kope ndi bolopeni. Chigoli chikalowa amalemba mphindi yake monga ikuonekera pa wotchi ya mu gemu. Gemu ikaduka amalemba zigoli ndi mphindi imene yadukira. Kenako ayambitsa gemu yatsopano, koma asewera mphindi zotsala zokha, ndipo zigoli zakale zikhalabe.

Zinachitika kawiri, ndipo kamodzi kanali kowawa. Gemu inaduka pa mphindi 62, zigoli zili 2-1. Oyimbira anachotsa 62 pa 90, kutsala 28. Anayambitsa gemu yatsopano ndipo anauza onse awiri kuti wotchi ikangofika 28 mpira ukatuluka kapena kuima, gemu yatha. Amene ankagonjayo anamwetsa chimodzi pa mphindi 20, zinathera 2-2. Wotsogola uja anadandaula kuti osewera onse ayambiranso ndi mphamvu zatsopano pamene iye anali atawatopetsa a mnzake. N'zoona ndithu, ndipo ndilibe mankhwala ake. Koma kuyambiranso 0-0 kukanamulanda zambiri kuposa pamenepo, ndipo kumupatsa chipambano pa mphindi 62 kukanalanda mnzakeyo theka la ola la mpira. Anang'ung'udza, n'kukhala pansi.

Mungadziwe bwanji kuti gemu yaduka yokha kapena munthu waidula dala? Ubwino wa hotisipoti imodzi ndi umenewu. Netiweki ikavuta, mafoni onse amaonetsa chizindikiro, osewera amayamba kudumphadumpha pa masikirini onse awiri, nthawi zambiri ndi pa tebulo linalo lomwe. Ikaduka foni imodzi yokha ena ali bwinobwino, oyimbira amaitenga m'manja mwa wosewerayo asanaikhudzenso, n'kuyang'ana ngati Wi-Fi yazimitsidwa kapena gemu yatsekedwa. Akapeza choncho, gemu imeneyo wagonja 3-0, kapena ndi zigoli zimene zinalipo ngati zinali zoipa kuposa apo. Mawu omalizawa ndi ofunika. Mukangolemba 3-0, munthu amene akuchinyidwa 6-0 apindula pothawa. Palibe amene anayesa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa choti oyimbira anakhala moyang'anizana ndi zala zawo.

Oyimbira sitinawalembe ntchito. Anali osewera omwewo, koma ochokera ku gulu lina, kuti asakhale ndi phindu pa zotsatira. Mkangano ukawakanika unkabwera kwa ine, ndipo ine ndinkangowerenga pepala mokweza.

Ulendo uno ndinatseka kalembera pa anthu 16 enieni, ena awiri n'kuwalemba ngati odikira. Sindinafune wogonja-watuluka kuyambira pachiyambi, chifukwa munthu wopereka K1,000 n'kutuluka pa mphindi 20 sabweranso. Ligi yoti aliyense akumane ndi aliyense ndinaiwerengera, 16 kuchulukitsa ndi 15 kugawa pawiri, mikumano 120. Imeneyo ndi ya miyezi. Ndinasankha magulu anayi a anthu anayi. Gulu lililonse lili ndi mikumano 6, onse pamodzi 24, ndipo aliyense amasewera ndi anthu atatu zivute zitani. Awiri apamwamba pa gulu amapita ku makotafainolo, ndiye mikumano 4, kenako 2, kenako fainolo. Zonse 31.

Nthawi musaiyerekeze m'mutu, iyeseni. Lachisanu lija ndinayesa ndi wotchi ndipo mkumano umodzi, kutanthauza magemu awiri, kulemba kodi, mphindi zokonzera timu ndi kusinthana mipando, unkatenga pafupifupi mphindi 20. Mikumano 24 pa matebulo awiri ndi maola anayi osapuma. Choncho magulu tinawaika Loweruka loyamba kuyambira 9 koloko, ndime zotsalazo Loweruka lotsatira masana. Bandulo ndinaiyesanso chimodzimodzi, kuyang'ana pa foni ya hotisipoti kuchuluka kwa data isanayambe gemu yoyeserera ndi itatha, n'kuchulukitsa ndi magemu onse, n'kuwonjezerapo theka lake. Pa mafoni anayiwo tinazimitsa zodzikonza zokha za mapulogalamu, apo ayi bandulo ikanathera ku zinthu zosakhudza mpira.

Maere tinachitira poyera, Lachinayi madzulo, aliyense akuona. Tinalemba manambala mkati mwa zitsekerero za mabotolo n'kuziika mu chipewa, ndipo anatola ndi mwana wa mayi wogulitsa mandasi pafupi, amene sadziwa n'komwe kuti DLS n'chiyani. Anthu anayi amene anafika patali ulendo woyamba tinawaika m'chipewa chawochawo kuti aliyense agwere gulu lake, asathane okhaokha koyambirira. Amene anali pachibale tinawalekanitsanso. Chimene sindinachiganizire ndi ubwenzi, ndipo chinatulukira pa gulu lachitatu.

Ndisanafike kumeneko, pali chifukwa chimene ndinakanira magulu a anthu atatu ngakhale akanafupikitsa tsiku. Pa gulu la atatu, awiri osewera komaliza amadziwa kale zotsatira zimene zingawadutsitse onse, ndipo wachitatu amangoonerera akumupangira chiwembu. Madala ena amene amameta pa shopupo anatikumbutsa za World Cup ya 1982 ku Spain, pamene West Germany inachinya Austria 1-0 mumzinda wa Gijón, zotsatira zimene zinadutsitsa onse awiri n'kutulutsa Algeria imene inali itasewera kale dzulo lake. Chichokereni apo magemu omaliza a pagulu amaseweredwa nthawi imodzi. Ife matebulo awiri anatithandiza kuchita chimodzimodzi. Mikumano iwiri yomaliza ya gulu lililonse inkayamba limodzi, tebulo lina kukhonde lina mkati mwa shopu, ndipo oonera analetsedwa kunyamula uthenga.

Mapointi tinkapereka pa mkumano wonse, atatu kwa wopambana pa zigoli zophatikiza, imodzi imodzi akafanana. Nkhani inali pa anthu ofanana mapointi. Pa pepala ndinalemba kuti choyamba tiyang'ana zotsatira za pakati pa ofananawo okha, mapointi kenako kusiyana kwa zigoli kenako zigoli zomwetsa. Zikafananabe m'pamene tiyang'ana magemu onse a pagulu, ndipo zikakanikabe asewera gemu imodzi ya woyamba kumwetsa. Polemba ndinkaona ngati ndikungodzaza pepala.

Pa gulu lachitatu ndiwatchule A, B, C ndi D. C anachinya A 2-1. B anachinya C 3-1. D anagonja kwa A 5-0 ndi kwa B 3-0, ndiye pofika mkumano womaliza anali ngati watuluka kale. Komaliza A anakumana ndi B, C anakumana ndi D, ndipo C ndi D ndi anthu ogona chipinda chimodzi cha lendi. A anapambana 4-2. Mkati mwa shopu C anapambana 9-0, ndipo oyimbira anandiuza kuti D ankangopereka mpira kwa adani ngati akugawa nsima pamaliro.

Atatu anali ndi mapointi 6. Tikanawerenga zigoli za magemu onse, C akanakhala pamwamba ndi +8, A wachiwiri ndi +6, B akanatuluka ndi +3. Koma pepala linati tichotse kaye magemu a D. Pakati pa atatuwo aliyense anapambana kamodzi, ndiye mapointi anafanana. A anamwetsa 5 n'kumwetsedwa 4, ndiye +1. B anamwetsa 5 n'kumwetsedwa 5, ndiye 0. C anamwetsa 3 n'kumwetsedwa 4, ndiye -1. Anadutsa A ndi B. Zigoli 9 zija sizinagwire ntchito iliyonse.

C anabwera akutukutira. "Bigi, mpira wa kuti umenewu? Ine zigoli 12, uyu 8, ndiye atuluke ndine?" Ndinamuonetsa lamulo nambala 7 ndi siginecha yake pansi pa pepala. Sindinatchule za mnzake wa chipinda chimodzi, ndipo sindinafunikire kutero. Apa ndi pamene ndinaona phindu lenileni la lamulo limeneli. Ndikanati ndigamule kuti D wagulitsa gemu, ndikanafunika umboni umene ndinalibe, chifukwa munthu wotuluka kale akhoza kungosewera motaya mtima. Lamulo linachotsa phindu la chinyengocho popanda ine kuweruza mtima wa munthu. Sindikunena kuti njira yowerenga zigoli zonse ndi yolakwika, maligi akuluakulu ambiri amaitsata. Koma pa gulu la anthu odziwana, pomwe wofooka mmodzi akhoza kutsegulira mnzake chitseko, ine ndingasankhe iyi nthawi zonse.

Siginecha ija inachokera pa kalembera. Malamulo onse anali 12, pa tsamba limodzi, m'Chichewa. Ndinawatumiza pa gulu la WhatsApp sabata imodzi mpikisano usanayambe, n'kupereka masiku atatu oti aliyense atsutse chimene sakugwirizana nacho. Awiri anasinthadi. Nthawi yodikira wochedwa ndinalemba mphindi 5, anthu anati 10 chifukwa ena amachokera kutali ndi minibasi, ndipo tinagwirizana kuti ikadutsa wagonja mkumanowo 3-0. Lina linali loletsa oonera kulankhula, limene anthu analiseka, n'kunena kuti mpira wopanda phokoso ndi mayeso. Tinalisintha kuti kukuwa ndi kunyoza mwamasewera n'kololedwa, koma kuuza wosewera chochita kapena kuima kumbuyo kwake n'koletsedwa. Atatha masiku atatuwo pepala linatsekedwa, ndipo popereka ndalama aliyense ankasaina.

Ndalama ndinazilemba poyera pa katoni imene tinaipachika pakhoma. Zolowa K16,000. Bandulo ndi kutchajitsa mapawabanki awiri K4,000. Woyamba K7,000, wachiwiri K3,500, ndipo K1,500 inapita kwa amene anamwetsa zigoli zambiri mwa anthu otuluka pa magulu, kuti magemu omaliza akhalebe ndi cholimbirana. Mphoto imeneyi ndinaiona kuipa kwake nthawi yomweyo, chifukwa inagwera C ndi zigoli zake 9 zija. Ulendo wina ndidzaichotsa, kapena ndidzaika malire oti pa mkumano umodzi zowerengedwa zisapitirire zisanu. Ndalamazo ankasunga msuweni wanga, osati ine. Kubetcherana pambali tinaletsa kotheratu, chifukwa panali ana asukulu anayi, ndipo aliyense wa iwo ndinapita ndekha kukapempha kwa makolo ake. Mayi wina anandifunsa katatu ngati si juga. Ndinawaonetsa katoni ija ndi pepala la malamulo, ndipo anati mwanayo azifika pakhomo dzuwa lisanalowe.

Chimene chinatipeza osakonzeka ndi kutentha kwa mafoni. Pofika cha m'ma 11 koloko foni imodzi ya pa tebulo lachiwiri inali yotentha ngati mbaula, ndipo gemu inayamba kukakamira. Foni ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isaonongeke, ndipo kusewera ili pa tchaja kumawonjezera moto. Wogwira foniyo pa gemu yachiwiri ankaipeza yoipa kuposa mmene mnzake anaipezera pa yoyamba, ndiye kusinthana kuja sikunalinso kofanana kwenikweni. Tinaima mphindi 15, kuchotsa makava, kuika mafoni pa simenti pamthunzi. Kuchokera apo tinkapuma pakatha mikumano inayi iliyonse, n'kumatchaja nthawi yopumayo osati posewera. Maola anayi aja anasanduka asanu ndi theka. Magetsi anathimanso masana, koma mapawabanki anatinyamula.

Loweruka lachiwiri linayenda mofulumira. Woyamba wa gulu ankakumana ndi wachiwiri wa gulu lina, ndipo tinakonza kuti anthu a gulu limodzi asakumanenso mpaka fainolo. Mkumano ukathera pofanana zigoli, tinkaponya kobiri kuti tidziwe wosankha foni, n'kusewera gemu yachitatu ya woyamba kumwetsa wapambana. Ikatha popanda chigoli, asinthana mafoni n'kuyambanso. Kobiri ili ndi mwayi umene sindinathe kuuchotsa, ndipo m'kotafainolo imodzi amene anapata kobiri anasankha timu yamphamvu n'kumwetsa pa mphindi 11. Wogonjayo sanakangane, koma nkhope yake ndinaiona.

Fainolo inali pakati pa B, amene akanatuluka pa magulu tikanawerenga mwanjira ina ija, ndi mnyamata wa Fomu 2 amene anachinyidwa 5-1 ulendo woyamba. Gemu yoyamba mnyamatayo anagwira timu yocheperako mphamvu ndipo anagonja 2-1. Atasinthana anapambana 3-0. Anthu anamunyamula mpaka pamsewu, msuweni wanga anamumeta ulere, ndipo K7,000 ndinakaipereka m'manja mwa mayi ake aja amene anandifunsa za juga, nthawi ili 5 koloko.

Pa kalembera wa mpikisano wotsatira pali kale mayina 23, kuphatikizapo atsikana atatu amene ankaonera ali pa benchi ya mandasi. Sindinasankhe ngati nditseke pa 16 n'kuchititsa ndime yachipulula kwa otsalawo, kapena ndifunefune mafoni ena awiri kuti tikwane 24 pa magulu asanu ndi limodzi. Mwini foni imene inkatentha ija wanena kale kuti yake sabwereketsanso.